Kalata ya Bwana Yolowetsa Antchito pa Taimushiti ya pa Intaneti

Taimushiti ndi kaundula wa maola amene munthu wagwira ntchito. Imasonyeza tsiku, ntchito imene yagwiridwa ndi kutalika kwa nthawi imene yatha pa ntchitoyo. M'maofesi ambiri kaundulayu wakhala ali buku la pakhomo losainamo pofika ndi poweruka, kapena pepala lodzaza kumapeto kwa mwezi. Taimushiti ya pa intaneti imagwira ntchito yomweyo, koma maola amalembedwa pa foni kapena pa kompyuta n'kukasungidwa pamalo amodzi, pomwe bwana ndi a ku ofesi ya malipiro amawaona nthawi yomweyo. Mapulogalamu otere alipo angapo, monga Clockify, Toggl Track ndi Harvest. Mawu a pa mabatani ake amasiyana pang'ono, koma kayendedwe kake n'kofanana: munthu amaitanidwa, amalowa, amalemba maola, amawapereka kwa womuyang'anira, ndipo iye amawavomereza kapena kuwabweza.

Bungwe likayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yotere, bwana amalembera antchito kalata yachidule yowalongosolera zochita. Kalata yabwino siposa tsamba limodzi, ndipo sitaya malo pofotokoza batani lililonse, chifukwa mabatani munthu amawazolowera m'masiku awiri. Ntchito yake yeniyeni ndi kuyankha mafunso amene pulogalamuyo singayankhe: imelo iti, maola ati amene akuwerengedwa, tsiku lomaliza kupereka ndi liti, nanga wolakwitsa apite kwa ndani.

Kulowa koyamba

Wantchito sadzilembetsa yekha. Woyang'anira pulogalamuyo ndiye amayamba, polemba imelo ya wantchito aliyense pa tsamba la antchito, lomwe mu Clockify limatchedwa `Team`. Akatero, pulogalamuyo imatumizira aliyense uthenga wa imelo wokhala ndi linki. Wantchito amadina linkiyo, amatsimikiza kuti imeloyo ndi yake, ndipo amapezeka ali m'chipinda cha bungwe lake, chomwe pa sikirini chimalembedwa kuti `Workspace`. Mapulogalamu ena amafuna kuti munthu asankhe pasiwedi, ena amatumiza nambala yachinsinsi ku imelo yomweyo, ena amalola kulowera pa akaunti ya Google.

Vuto lofala kwambiri limachitikira pomwepa. Munthu amamva kwa anzake dzina la pulogalamuyo, n'kuitsitsa pa foni, n'kutsegula akaunti ndi imelo yake ya kunyumba osadikira uthenga woitanira. Pulogalamuyo simukaniza. Imamutsegulira chipinda chakechake chopanda wina aliyense, ndipo iye amalemba maola mokhulupirika sabata yonse, pomwe bwana sakuona kalikonse pa dzina lake. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: akafuna kusankha pulojekiti, mndandanda umakhala wopanda kanthu, ndipo dzina la chipindacho si la bungwe. N'chifukwa chake kalata imatchula imelo yoti igwiritsidwe ntchito, komanso dzina lenileni la chipindacho monga momwe likuonekera pa sikirini. Chiganizo chimodzi chimakwanira, monga ichi: "Musatsegule akaunti panokha, dikirani uthenga pa imelo ya kuntchito, ndipo mukalowa muone ngati dzina la bungwe lathu likuoneka pamwamba."

Uthenga woitanira nthawi zina umagwera mu foda ya `Spam` kapena `Junk`, ndiye kalata imauza anthu kuti ayang'anenso kumeneko asanadandaule. Ngati kulibe, kawirikawiri chilembo chimodzi chinalakwika polemba imelo, ndipo wokonza ndi yemwe anaitanayo. Pasiwedi sabwerekana. Taimushiti yoperekedwa pa akaunti ya munthu imatengedwa ngati siginecha yake, choncho kulembetsa mnzako maola pa akaunti yako n'chimodzimodzi kumusainitsa pa pepala lopanda kanthu.

Chinthu chinanso choyenera kuona tsiku loyamba ndi nthawi ya dera, `Time zone`. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique nthawi ili patsogolo ndi maola 2 poyerekeza ndi nthawi ya UTC, ndipo pa mndandanda amasankha `Africa/Blantyre`, `Africa/Lusaka` kapena `Africa/Maputo`, zonse zitatu n'zofanana. Akaunti ikakhala pa nthawi ya dera lina, wofika 7:30 m'mawa angaoneke ngati anafika 5:30, ndipo ntchito ya pakati pa usiku ingagwere pa tsiku lolakwika. Kwa wa m'ofesi zimenezi zimangosokoneza maso. Kwa mlonda kapena namwino wa shifiti ya usiku, zimatha kusamutsa maola kuchoka pa tsiku la holide kupita pa tsiku wamba, ndipo malipiro a masiku awiriwa ndi osiyana.

Njira ziwiri zolembera maola

Njira yoyamba ndi ya wotchi. Munthu amasankha pulojekiti, amalemba mawu ochepa ofotokoza zomwe akuchita, amadina `START`, ndipo akamaliza amadina `STOP`. Njirayi imalemba nthawi yeniyeni yoyambira ndi yomalizira. Kuipa kwake n'kwakuti wotchi siidziwa kuti mwini wake waweruka. Woiwala kuimitsa Lachisanu madzulo amapeza Lolemba m'mawa italemba maola oposa 60. Zimakonzeka, posintha pamanja nthawi yomalizira, koma ayenera kukonza asanapereke.

Njira yachiwiri ndi yodzaza tebulo la sabata, pa tsamba la `Timesheet`. Mzere uliwonse ndi pulojekiti imodzi, ndipo mabokosi ake ndi masiku a sabata. Munthu amangolemba kuchuluka kwa maola m'bokosi loyenera. Njirayi imayenera anthu oyendayenda, amene sangamatulutse foni nthawi iliyonse akasintha ntchito. Mu Clockify tsambali limaoneka pokhapokha woyang'anira ataliyatsa, ndiye wantchito amene sakuliona asaganize kuti foni yake yavuta.

Bwana wanzeru amasankha njira imodzi ya gulu lililonse la antchito n'kuitchula m'kalatamo. Akasiya kuti aliyense azichita momwe wafunira, pamapezeka anthu oyendetsa wotchi masana kenako n'kudzazanso tebulo madzulo, maola omwewo n'kulembedwa kawiri.

Pa za netiweki, kalata inene zoona zokhazokha. Pulogalamu ya pa foni ya Clockify imatha kusunga maola olembedwa kopanda netiweki n'kuwatumiza foni ikadzagwiranso intaneti, koma tsamba lotsegulidwa pa kompyuta limafuna intaneti nthawi yonse. Wogwira ntchito kumudzi amayenera kutsegula pulogalamuyo akafika pamalo a netiweki n'kuona ngati maola ake afikadi. Magetsi akazima kapena bandulo ikatha, kakope ka m'thumba kamathandiza: nthawi yoyamba, nthawi yomaliza ndi dzina la ntchito, zokalowetsa mawa lake. Kalata imanenanso ngati bungwe lipereka bandulo kapena ngati anthu azilembera pa intaneti ya ku ofesi. Funsoli likapanda kuyankhidwa m'kalata, limayankhidwa m'makhonde, ndipo yankho lake limakhala kusadzaza.

Maola ati amene amawerengedwa

Pulogalamu imalandira nambala iliyonse imene yapatsidwa. Siidziwa ngati ola la nkhomaliro likuwerengedwa, ngati ulendo wopita kumunda wa pulojekiti ndi ntchito, kapena ngati msonkhano wa antchito onse uli pa pulojekiti iti. Zonsezi amagamula ndi bwana mogwirizana ndi kontirakiti za antchito, ndipo pano ndi pomwe kalata iyenera kutha malo ambiri. Popanda chigamulo cholembedwa, anthu awiri okwera galimoto imodzi kupita ku Dedza amalemba maola osiyana, wina atawerenga ulendo, wina atayambira pomwe anatsika.

Mndandanda wa mapulojekiti uyenera kukhala ndi malo a chilichonse chimene chimadya nthawi ya munthu. Kupatula mapulojekiti enieni, pamafunika mzere wa ntchito za ofesi, wa tchuthi cha pachaka, wa kudwala, wa maliro ndi wa holide ya boma. Mizereyi ikasowa, munthu amene anagona kuchipatala Lachinayi amasiya bokosi lopanda kanthu ngati wojomba, kapena amaponya maola 8 pa pulojekiti imene sanaigwire n'komwe. M'mabungwe oyendera ndalama za othandiza, cholakwa chachiwirichi n'chachikulu, chifukwa malipiro a munthu amagawidwa pa mathumba a ndalama potsata taimushiti, ndipo ofufuza mabuku a chuma amafanizira taimushiti ndi zikalata zina monga mafomu a tchuthi ndi buku la maulendo a galimoto.

Pachifukwa chomwecho, batani la `Copy last week`, lomwe limakopera mizere ya sabata yatha, limafuna kusamala. Limapulumutsa nthawi pobweretsa mayina a mapulojekiti, koma taimushiti yosonyeza maola ofanana ndendende sabata iliyonse kwa miyezi isanu ndi umodzi imaoneka kuti ndi yokopera, ndipo wofufuza aliyense amayamba kuikayikira. Maola amalembedwa monga anagwiridwira, osati monga bajeti inakonzera. Tsiku lililonse ndi bwino kulemba lisanathe. Wodikira Lachisanu amakumbukira za Lachinayi, za Lolemba amangopeka.

Kadontho kamodzi ndi ola lotayika

Cholakwa chimene chimadya maola mwakachetechete ndi cha kalembedwe ka mphindi. Ola lili ndi mphindi 60, pomwe nambala za kadontho zimagawa chinthu pa magawo 100. Maola 7 ndi mphindi 30 amalembedwa `7:30` ndi timadontho tiwiri, kapena `7.5` ndi kadontho kamodzi. Wolemba `7.30` pa pulogalamu yowerenga nambala za kadontho walemba maola 7 ndi mphindi 18 zokha. Kusandutsa kwake n'kugawa mphindi ndi 60:

```
15 / 60 = 0.25
30 / 60 = 0.5
45 / 60 = 0.75
```

Chitsanzo cha sabata imodzi chimaonetsa kukula kwa vutoli. Mlangizi wa zaulimi akugwira ntchito m'bungwe lomwe limayamba 7:30 m'mawa n'kuweruka 4:30 madzulo, ola la nkhomaliro losawerengedwa, kutanthauza maola 8 pa tsiku ndi maola 40 pa sabata. Ali pa mapulojekiti awiri, ya ulimi wothirira ndi ya banki mkhonde. Lolemba wathera maola 5 pa ulimi wothirira ndi maola 3 pa banki mkhonde. Lachiwiri wanyamuka 6:30 m'mawa kupita ku sikimu n'kubwera 5:00 madzulo. Kuchotsapo ola la nkhomaliro, ndi maola 9 ndi mphindi 30, onse a ulimi wothirira. Lachitatu kunali msonkhano wa antchito wa ola limodzi ndi mphindi 45, ndipo maola 6 ndi mphindi 15 otsalawo anali a banki mkhonde. Lachinayi anadwala, ndiye maola 8 alowa pa mzere wa kudwala. Lachisanu wagawa tsiku, maola 4 ndi theka pa ulimi wothirira, maola 3 ndi theka pa banki mkhonde.

Zikalembedwa bwino, sabatayi ikupereka maola 19 a ulimi wothirira, maola 12 ndi mphindi 45 a banki mkhonde, ola limodzi ndi mphindi 45 la za ofesi, ndi maola 8 a kudwala. Onse pamodzi ndi maola 41 ndi mphindi 30, kutanthauza kuti ola limodzi ndi theka ndi lopitirira, lija la Lachiwiri.

Mlangizi yemweyo akalemba ndi kadontho kamodzi, `9.30` imakhala maola 9 ndi mphindi 18, ndipo mphindi 12 zatayika. `1.45` imakhala ola limodzi ndi mphindi 27, zatayika 18. `6.15` imataya mphindi 6, ndipo `4.30` ndi `3.30` zimataya 12 iliyonse. Zonse pamodzi ndi mphindi 60. Tebulo lisonyeza maola 40 ndi mphindi 30, nambala yooneka yabwinobwino moti palibe amene angaikayikire poiyang'ana mothamanga. Chizindikiro chili pa masiku: Lachitatu ndi Lachisanu, omwe amayenera kukwana maola 8, akusonyeza maola 7 ndi mphindi 36. Munthu amene anakhala pantchito tsiku lonse koma chiwerengero chake chikuperewera ndi timphindi tosamveka ayambe wayang'ana kadontho.

Ola lotayikalo lili ndi mtengo. Lamulo la ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000 limati maola wamba a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo ovataimu ya tsiku la ntchito ilipidwe pa mlingo wosachepera malipiro a ola limodzi ndi theka lake, pomwe ya tsiku lopuma kapena la holide ilipidwe kuwirikiza kawiri. Ngati mlangiziyu ali m'gulu lolandira ovataimu ndipo ola lake ndi la K3,000, ola la ovataimu ndi K4,500, ndipo ola limodzi ndi theka ndi K6,750. Ofesi ya malipiro ikawerengera pa chiwerengero cha sabata cholakwikacho, iona theka la ola lokha, la K2,250. Mapulogalamu amamva nambala mosiyanasiyana malinga ndi momwe woyang'anira anawatcherera, choncho kalata imasankha kalembedwe kamodzi, n'kupereka chitsanzo, n'kuuza anthu kuti aziwerenga zimene bokosilo lasonyeza akamaliza kulemba.

Pali chinanso choti kalata inene mosabisa: kulemba maola opitirira pa taimushiti si chilolezo cha ovataimu. Ngati bungwe limafuna kuti ovataimu ivomerezedwe isanagwiridwe, lamulolo silisintha chifukwa cha pulogalamu yatsopano. Koma munthu asauzidwenso kuti adule maola amene anagwiradi kuti tebulo likwane 40. Taimushiti yodulidwa dala siithandiza bwana kuona amene akulemedwa ndi ntchito, ndipo pakabuka mkangano wa malipiro siiteteza aliyense.

Kupereka, kuvomereza ndi kukonza

Kulemba maola ndi kuwapereka ndi zinthu ziwiri. Sabata ikatha, wantchito amaonanso tebulo lake n'kudina batani lopereka, lomwe kawirikawiri limalembedwa `Submit`. Pamenepo taimushiti imakhala `Pending`, kutanthauza kuti ikudikira womuyang'anira. Iye akaivomereza imakhala `Approved`, ndipo imatsekeka moti mwini wake sangaisinthenso. Akaibweza imakhala `Rejected`, ndipo amayenera kulembapo chifukwa, chomveka ngati "Lachitatu ndi Lachisanu sakukwana maola 8, onaninso kalembedwe ka mphindi." Kubwezedwa kwa taimushiti si mlandu. Munthu amakonza n'kuperekanso. Wozindikira yekha cholakwa taimushiti idakali `Pending` angathe kuibweza kwa iye mwini n'kuikonza. Ikavomerezedwa kale, njira ndi imodzi, kupempha woyang'anira kuti aitsegule. Mu Clockify mbali yovomereza ndi yotseka maola akale zili pa mapulani olipira, ndiye bwana asalonjeze m'kalata batani limene bungwe lake silinagule.

Tsiku lomaliza kupereka limalembedwa ndi dzina la tsiku komanso ola. Mawu akuti "kumapeto kwa sabata" ena amamva Lachisanu masana, ena Lamlungu usiku. Kalata yomveka imati taimushiti iperekedwe pofika Lolemba 10:00 m'mawa, oyang'anira avomereze pofika Lachiwiri madzulo, ndipo imatchula deti la mwezi limene ofesi ya malipiro imatseka mabuku. Imanenanso chimene chimachitikira wochedwa, mwachitsanzo kuti ovataimu yake idzalowa m'malipiro a mwezi wotsatira. Wopita ku tchuthi amapereka asananyamuke. Woyang'anira akachoka, pakhale wina wovomereza m'malo mwake, apo ayi mataimushiti a gulu lonse amangounjikana pa `Pending` anthu atachita mbali yawo.

Funso limene antchito amafunsana okhaokha, osafunsa bwana, ndi lakuti pulogalamuyi ikuona chiyani. Mapulogalamu ena angathe kulemba malo amene foni ili pogwiritsa ntchito GPS, kapena kujambula sikirini ya kompyuta nthawi ndi nthawi, ngati bungwe layatsa mbali zimenezi. Kalata inene ngati zayatsidwa kapena ayi, ndiponso amene ali ndi mphamvu yoona maola a munthu: iye mwini, womuyang'anira ndi a malipiro, kapena aliyense. Ziganizo ziwiri zimakwana. Zikasowa, anthu amaganiza zoipitsitsa, ndipo ena amakana kuika pulogalamuyo pa foni zawo, zomwe n'zomveka pakuti foniyo anagula okha.

Antchito opanda imelo kapena foni yamakono, monga alonda, madalaivala ena ndi osamalira pamalo, asaiwalike. Clockify ili ndi njira yotchedwa `Kiosk`, pomwe tabuleti kapena foni imodzi imaikidwa pakhomo ndipo aliyense amadina dzina lake pofika ndi poweruka, pena ndi nambala yake yachinsinsi. Kumene izi sizingatheke, kapitawo amalowetsa maola kuchokera pa pepala limene mwini wake wasaina, ndipo pepalalo limasungidwa.

Mabungwe ambiri amayendetsa buku lakale ndi pulogalamu yatsopano pamodzi kwa sabata ziwiri kapena mwezi umodzi, n'kumafanizira ziwerengero. M'nthawi imeneyi ndi momwe zipinda zolakwika, mawotchi osaimitsidwa ndi timadontho zimaonekera malipiro asanakhudzidwe. Kalata imatchula deti limene buku lidzachotsedwe pakhomo, ndipo mzere wake womaliza umakhala dzina la munthu mmodzi wofunsidwa zikavuta, nambala yake ya ku ofesi ndi maola amene amapezeka.